Mphuno yanu sinakule, foni ndiyo yayandikira

"Zikomo achimwene. Ndine mtsikana wa ku Chitakale. Pagalasi ndimadziona bwinobwino, koma ndikadzijambula selefi mphuno imatuluka yaikulu, maso olowa, nkhope ili bii. Loweruka masana ndinadzijambula m'munda wa tiyi, phiri lili kumbuyo, ndipo zithunzi zonse ndinafufuta. Kodi vuto ndi foni yanga, kapena ndimaonekadi choncho?"

Achemwali, kalata yanu yandikhudza, makamaka funso lomalizalo. Foni yanu ilibe vuto, ndipo nkhope imene anzanu amaiona mukamacheza nawo ndi yapagalasi ija. Zakusokonezerani zithunzi ndi ziwiri, kufupika kwa mkono ndi dzuwa la masana.

Tiyambe ndi mphuno. Chinthu chimene chili pafupi ndi kamera chimaoneka chachikulu kuposa chimene chili kumbuyo kwake, ndipo nkhope ya munthu si yaphwatalala ngati mbale. Kuchoka pansonga ya mphuno kukafika m'makutu pali masentimita pafupifupi 12. Mukagwira foni masentimita 30 kuchoka pamphuno, ndiye kuti makutu ali pa masentimita 42. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, motero mphuno imafufuma, makutu amachepa n'kubisala, nkhope n'kuoneka yosongoka. Tsopano foni yomweyo ikhale pa mita imodzi ndi theka. Mphuno ili pa masentimita 150, makutu pa 162. Apa kusiyana kwake n'kochepa, chilichonse chimabwerera pamlingo wake. Mu 2018, akatswiri a ku yunivesite ya Rutgers ku America anawerengetsera zomwezi, ndipo anapeza kuti pa masentimita 30 mphuno imaoneka yotambalala ndi pafupifupi 30 peresenti kuposa mmene ililidi pankhopepo.

Nanga bwanji pagalasi mumadziona bwino? Galasi limachulukitsa mtunda kawiri. Mukaima theka la mita, mukudziona ngati muli pa mita yathunthu. Tayesani madzulo ano: tsinzinani diso limodzi, muyandikire galasilo mpaka pangotsala danga ngati chikhatho. Mphuno ya pa selefi ija muiona pomwepo.

Choncho italikitseni foni. Tambasulani mkono wonse osapinda chigongono, nkhope ikhale pakati pa chithunzi, chifukwa kamera yakutsogolo imatenga malo aakulu ndipo chimene chili m'mphepete chimakokeka. Koma chimene ndimachikonda ine ndi kuitsamiritsa foni pawindo kapena pampanda, mulingo wa maso anu, n'kutchera taima ya masekondi 10, kenako kubwerera m'mbuyo masitepe awiri. Mukatha mudule chithunzicho kuti nkhope idzaze. Kudula sikubwezeretsa mphuno yaikulu ija, popeza chimene chimaikulitsa ndi pamene foni inaima. Dziwani chabe kuti mukadula kwambiri chithunzi chimayamba kuchita mbuu, ndiye ngati n'kotheka gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo, imene m'mafoni ambiri ndiyo yamphamvu.

Tibwere ku Loweruka lija. Masana dzuwa limakhala paliwombo, ndipo kuwala kukamachokera pamwamba nsidze zimaponya mthunzi m'maso, mphuno n'kuponya wake pamlomo. Ndiwo maso olowa aja. Chipumi ndi nsonga ya mphuno zokha n'zimene zimanyezimira, makamaka ngati mwadzola mafuta ambiri, ndipo kunyezimirako kumaonjezera kukula kwa mphuno. Babu la kudenga usiku limachitanso chimodzimodzi.

Kuda kwa nkhope nako kuli ndi chifukwa chake. Kumbuyo kwanu kunali thambo lowala ndi miyala ya phiri yowombedwa ndi dzuwa. Kamera inaona kuwala konseko n'kudzichepetsera kuti thambo lisayere mopitirira, ndiye inu amene munali kutsogolo munasanduka mthunzi. Ife a khungu lakuda zimatigwera kawirikawiri. Mudzazindikira kuti ndi zimenezi mukaona phiri latuluka bwino ndi mizere yake yonse, koma maso anu osaoneka. Musanajambule, dinani chala pankhope panu pasikirini. Mafoni ambiri amawalitsa pamene mwadinapo, ndipo ena amatulutsa kachizindikiro ka dzuwa koti mukakwezere m'mwamba. Thambo liyera pang'ono, musadandaule nalo.

Kuwala kumene kumakomera nkhope ndi kofewa, kochokera kutsogolo. Imani pakhonde kapena pakhomo, thupi lili mumthunzi, nkhope yayang'ana kunja. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali ayi, mutuluka mawangamawanga. Ndipo tsiku la chiperoni, limene ambiri amati si lojambulira, ine ndimalikonda kwambiri, chifukwa mitambo imamwaza kuwala ponseponse, mithunzi yolimba ija n'kutha.

Kumunda wa tiyi kuja bwereraniko dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko. Sankhani malo oti dzuwa likhale kutsogolo kwanu cham'mbali pang'ono, phiri kumbuyo. Pukutani chipumi ndi kansalu, pukutaninso kagalasi ka kamera, mumupatse mnzanu foniyo aime masitepe awiri kuchoka pamene muli, adine pankhope panu, kenako ajambule.