Funsani Dokotala: Ndikangomwa khofi, ulendo wa kuchimbudzi

A dokotala, ndili ndi zaka 46, ndimagwira ntchito yaulonda ku Nchalo. Ndikamwa khofi wothira mkaka wa ufa m'mamawa, sipapita mphindi khumi ndimathamangira kuchimbudzi. Anzanga akuti ndi bwino, khofiyo akutsuka m'mimba. Koma ndamwa kale fulajilo kawiri wogula pagolosale, sizikusintha, ndipo mwezi uno chimbudzi chayamba kubwera chamadzi. Kodi m'mimba mwanga mwaonongeka?
Bambo wodandaula, Nchalo

Bambo, mtima pansi kaye. Khofi yekha saononga matumbo, ndipo simuli nokha. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 1990 anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse amamva chimbudzi akamwa khofi, ndipo mwa iwowo thumbo lalikulu limayamba kufinya pakangotha mphindi zinayi.

Mphindi zinayi n'zochepa kwambiri moti khofiyo amakhala akadali m'chifu. Chimene chimachitika n'chakuti chifu chikalandira kanthu chimatumiza uthenga kumunsi, kudzera m'minyewa ndi m'timadzi tina ta m'thupi monga gasitirini, kuti thumbo lalikulu likankhe zomwe zilimo. Chakudya chilichonse, ngakhale nsima, chimachita zomwezo, n'chifukwa chake mwana wakhanda amaipitsa thewera akangoyamwa. Khofi amangokuza uthengawo, ndipo m'mamawa thumbo limakhala lachangu kale. Si kafeini yekha, mankhwala ochangamutsa thupi a mu khofi, amene amachititsa zimenezi, chifukwa ngakhale khofi wochotsedwa kafeini amakankhabe thumbo, kungoti mocheperako.

Tsono za anzanuwo. Khofi satsuka m'mimba, ndipo m'mimba si mbiya yofuna kutsukidwa. Zomwe mumatulutsa m'mamawamo ndi nsima ya dzulo kapena ya dzana, pakuti chakudya chimatenga tsiku limodzi mpaka atatu kuti chidutse m'thupi. Zikanatuluka ndithu tsiku lomwelo, khofi wangozifulumizitsa. Sachotsa njoka za m'mimba, sachotsa poizoni aliyense. Kuipa kwa chikhulupiriro chimenechi n'kwakuti munthu amatsegula m'mimba milungu ingapo akusangalala kuti akuyera mkati, pamene akutaya madzi ndi mchere. Kutentha kwa kuchigwa kuno m'mwezi wa Okutobala thukuta lokha limakumalizani madzi, nanji muonjezerepo kutsegula m'mimba.

Mkaka ndi wofunika kuukayikira. Akuluakulu ambiri kuno kwathu matumbo awo sagaya bwino shuga wachilengedwe wa mumkaka, ndipo zotsatira zake ndi mpweya, kulira kwa m'mimba ndi chimbudzi chamadzi, kawirikawiri pakatha theka la ola mpaka maola awiri. Yesani chonchi. Masiku atatu imwani khofi wopanda mkaka, sipuni yaing'ono imodzi yosadzaza m'kapu, mutadyako kaye mbatata kapena buledi. Masiku atatu otsatira siyani khofi, imwani madzi otentha othira mkaka womwewo. Lembani nthawi imene mwapita kuchimbudzi ndi momwe chaonekera. Chikakhala chamadzi masiku a mkaka okha, wolakwa wapezeka. Mutu ukhoza kukuwawani pang'ono mukasiya khofi, zimatha zokha.

Za fulajilo ndikudzudzuleni pang'ono, bambo. Amene uja ndi mankhwala opha tizilombo tina tokhatokha, ndipo salimbana ndi khofi kapena mkaka. Kumumwa mwachisawawa kumapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, kutsegula m'mimba n'kuonjezeka. Mwamwa kawiri osayezetsa, kachitatu ayi.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu si khofi, koma mawu akuti mwezi uno. Munthu amene khofi amamuthamangitsa amapita kamodzi, chimbudzi choumbika bwino, tsiku lonse ali bwino, ndipo zimakhala choncho zaka ndi zaka. Chimbudzi chikasintha n'kukhala chamadzi kwa milungu inayi pa msinkhu wanuwo, khofi sitimunamizira tisanayeze. Pitani kuchipatala sabata ino, musadikire kuti kuyesa kwa mkaka kuja kuthe. Akakupatsani kabotolo kuti ayeze chimbudzi kulabotale, musachite manyazi. Auzeni ngati mumasamba kapena kuwoloka m'ngalande zothirira mzimbe kapena m'madambo a Shire, chifukwa likodzo la m'matumbo liliko kuno ndipo silikodzetsa magazi ayi. Auzeninso za fulajilo uja, masiku amene munamwa, komanso ngati mwaonda, mwaona magazi kapena zonanda m'chimbudzi, kapena chimakudzutsani muli mtulo. Akanena zoyeza magazi, kuphatikizapo kachilombo, vomerani, chifukwa kutsegula m'mimba kokhalitsa timayeza zonsezo.

Koma tsiku lina chikadzangotuluka chambiri, choyera ngati madzi otsukira mpunga, ndi kusanza, imeneyo ikhoza kukhala kolera. Sungunulani paketi ya thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimwa muli panjira yopita kuchipatala ola lomwelo, usiku kapena usana.