Musanamate pepala la kasungidwe ka chimanga

"Alangizi, ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Ndime ya kasungidwe ka chimanga imene munatipatsa ndi yaitali, anzanga akuti ikutopetsa. Ndaidula kukhala timfundo kuti ndimate pamene timakumanira. Ndalemba motere, zili bwino?"

• Umitsani chimanga
• Thirani mankhwala a fumbi
• Ikani m'matumba a PICS
• Onani pafupipafupi

Mayi mlembi, musamate kaye. Mfundo iliyonse payokha ndi yoona, koma zikaima pamodzi chonchi zikunena zimene ndime ija sinanene.

Taonani yachiwiri ndi yachitatu. Ndime ija imati amene akusunga m'matumba wamba athire mankhwala, koma amene ali ndi matumba a PICS asathire. Ndi njira ziwiri, munthu amasankhapo imodzi. Timadontho sitionetsa kusankha. Wowerenga amatsika kuchoka pamwamba n'kuganiza kuti zonse azichite motsatana. Ndiye mlimi agula mankhwala, agulanso thumba lodula, n'kuthira mankhwala m'chimanga chimene sichimawafuna. Ndalama yapita pachabe, ndipo phindu lalikulu la thumbalo, loti banja lidye chimanga chopanda mankhwala, latayika.

Mfundo yachinayi ndiyo yandidetsa nkhawa kwambiri. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Likamangidwa, anankafumbwe amene analowa ndi chimanga amamaliza mpweya wochepa wotsalamo, kenaka amafa. Chimene ndime ija imati muzionaona ndi kunja kwa thumba, ngati makoswe aboola. Mlimi akangowerenga kuti "onani pafupipafupi" azimasula sabata iliyonse kuti aone chimanga chake, ndipo kumasula kulikonse kukulowetsa mpweya watsopano umene ukupatsanso moyo tizilombo. Amene akudziwa chifukwa chake sangatsegule wambawamba. Chifukwacho n'chimene chinagwa podula muja.

Choncho musanadule ndime iliyonse, tengani pensulo muzunguze mawu awa: ngati, koma, kapena, chifukwa, pokhapokha. Amenewa ndiwo amalumikiza ganizo ndi linzake, monga luzi lomangira denga. Chiganizo chimene chili nawo chisiyeni chathunthu, ngakhale chitalike. Mbali imeneyi ine ndingalembe motere:

"Chimanga chikauma bwino, sankhani njira imodzi. Ngati mukusunga m'matumba wamba, thirani mankhwala a fumbi pa mlingo wolembedwa pa paketi. Ngati muli ndi matumba a PICS musathire, chifukwa anankafumbwe amafa okha mpweya ukatha. Pa chifukwa chomwecho musamatsegule thumba kawirikawiri, muzingoona kunja ngati labooka."

Ndi ziganizo zinayi basi, sizingatope munthu.

Sindikuti mndandanda ndi woipa. Zipangizo zofunika, monga matumba, zingwe, mchere wouma, botolo la galasi ndi matabwa oyalira pansi, ziikeni pa timadontho, chifukwa ngakhale mutazisinthanitsa malo palibe chimasokonekera. Kamangidwe ka thumba nakonso kamakhala bwino pa mndandanda, koma muike manambala m'malo mwa timadontho, popeza pali choyamba ndi chotsatira:

1. Onani ngati mapulasitiki onse awiri alibe bowo.
2. Lowetsani pulasitiki m'kati mwa inzake, zonse m'saka, ndipo thirani chimanga kusiya malo omangira.
3. Finyani mpweya, potokolani pakamwa pa pulasitiki yam'kati, pindani, mangani.
4. Mangani yachiwiri payokha, kenaka saka payokha.

Mfundo yanu yoyamba siikufunika kuchotsedwa, yangofupika mopitirira. Aliyense amati chimanga chake chauma. Onjezani mmene angadziwire: aike chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma m'botolo louma, atseke, akhutchumule, adikire pang'ono. Mchere ukamamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Chinyezi choyenera ndi cha m'ma 13 peresenti. Mulembenso pomwepo kuti chimanga chosauma chikatsekeredwa m'pulasitiki chimawonongeka ngakhale mulibe nankafumbwe ndi mmodzi yemwe, chifukwa ambiri amaganiza kuti thumba lodula limakonza zonse.

Mukamaliza kulemba, mupatse pepalalo munthu amene sanabwere ku msonkhano, kaya ndi mwana wa sukulu. Musamufunse ngati wamva, poti ayankha kuti eya. Mufunseni kuti, "Uli ndi matumba atatu a PICS ndi chimanga chouma, uchita chiyani?" Akatchula mankhwala kapena kumasula thumba, bwererani ku ndime ija mukapeze chiganizo chimene chaduka. Pepala lokonzedwalo mubwere nalo ku ofesi ya zaulimi tilionere limodzi musanamate.