Bwana akufunsa ngati anthu akutidziwa: ndiwayankhe bwanji?

"Ndimagwira ntchito yotsatsa malonda pa kampani ina yopanga juwisi ku Lilongwe. Talipira wailesi miyezi itatu, tayikanso zikwangwani zinayi mumsewu. Tsopano bwana akuti ndiwaonetse umboni woti anthu akulidziwa dzina lathu kuposa kale. Malonda sanakwere kwenikweni. Ndiwaonetse chiyani?"

Achemwali, kalata yanuyi ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatseka foni n'kukhala chete, chifukwa inandibwezera m'chipinda china ku Blantyre chomwe sindifuna kuchikumbukira.

Nthawi imeneyo ndinkagwira pa kampani yopanga sopo wochapira. Tinapempha bajeti kwa chaka chathunthu mpaka anatipatsa. Tinapanga kanyimbo ka masekondi 30, kokoma ndithu, moti ana a ku Ndirande ankakayimba popita kumjigo. Mnzanga amene analemba mawu ake anali mayi wa ana awiri, ndipo anagona mu situdiyo masiku atatu kuti kanyimboko kamveke bwino. Itatha miyezi itatu tinaitanidwa kumsonkhano. Bwana anatsegula buku la malonda, analoza ndi cholembera, n'kufunsa kuti ndalama zija zagwira ntchito yanji. Ine ndinatulutsa pepala la malayiki a pa Facebook. Analiyang'ana pang'ono n'kulikankhira pambali. Ndinawauza za ana oyimba aja. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Musanayambe, ankatidziwa anthu angati?"

Ndinalibe yankho. Palibe amene anali atafunsapo. Bajeti ya chaka chotsatira anaidula pakati, ndipo mnzanga uja kontirakiti yake sanaiwonjezere. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kampeni ija inagwira ntchito, koma chikhulupiriro changa sichinamulipirire ana ake fizi.

N'chifukwa chake pankhani iyi ndine wouma mutu. Kampeni yofuna kutchukitsa dzina imayezedwa isanayambe. Amene akukuuzani kuti angathe kuiyeza bwino itatha kale, popanda nambala ya poyambira, akukugulitsani nthano. Ndipo buku la malonda la miyezi itatu si muyezo wake. Kuno kwathu malonda amatsatira ndalama za m'thumba la munthu: amakwera anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, amagwa mu Januwale ndi Febuluwale pamene ndalama zathera ku feteleza, fizi ndi chimanga. Mukhoza kutsatsa mwaluso mu Febuluwale malonda n'kutsikabe. Mukhozanso kutsatsa zachabechabe mu Juni malonda n'kukwera, inu n'kumadzitama.

Chaka chotsatira, ndi kandalama kochepa kaja, ndinachita zomwe ndinayenera kuchita poyamba. Ndinatenga ophunzira asanu ndi mmodzi a kukoleji, tinawaphunzitsa tsiku limodzi, n'kuwatumiza ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Lunzu. Anafunsa anthu 400, okhawo amene amagula sopo wa panyumba pawo. Sanavale malaya a kampani ndipo sananene amene wawatuma, chifukwa Mmalawi ndi waulemu: akadziwa kuti ndinu a kampani yakuti, adzakuuzani kuti amaidziwa komanso amaikonda, kuti musachite manyazi.

Funso loyamba linali lopanda thandizo lililonse: "Mukaganiza za sopo wochapira, ndi mayina ati amene akubwera m'mutu?" Wofunsa ankalemba mayina motsatana monga momwe atulukira pakamwa, osakumbutsa, osagwedeza mutu. Dzina loyamba kutchulidwa tinkalilemba padera, popeza ndi lomwe munthu amatchula akafika pa okala ali ndi changu. Atatha pamenepo m'pamene ankawerenga mndandanda wa mayina, n'kumafunsa kuti, "Ili munalimvapo?" Dongosolo limeneli musalitembenuze. Mukayamba ndi mndandanda, mwamuuza kale munthuyo mayankho, ndipo funso linalo lafa.

Mumndandandamo tinaikamo dzina limodzi labodza, sopo amene kulibe. Anthu 9 pa 100 aliwonse anati anamumvapo. Sikuti ankanama mwadala. Munthu safuna kuoneka wotsalira pamaso pa mlendo wonyamula pepala. Koma zinatiphunzitsa kuti nambala ya funso lachiwirili imakhala yotupa, ndipo tiziiwerenga mosamala.

Tisanayambe kampeni, anthu 48 mwa 400 anatchula sopo wathu okha osakumbutsidwa, kutanthauza 12 pa 100. Patapita miyezi inayi tinabwerera kumisika yomweyo, masiku omwewo a sabata, mafunso omwewo osasintha liwu, koma kwa anthu ena atsopano. Anatchula 84, kutanthauza 21 pa 100. Pa funso la mndandanda tinachoka pa 61 kufika pa 64.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Kafukufuku wa anthu 400 amatha kuphonya ndi mapointi pafupifupi 5 mbali iliyonse, wa anthu 100 amaphonya ndi pafupifupi 10. Mukamafananiza kafukufuku awiri, kuphonyako kumakula, moti kusuntha kochoka pa 61 kufika pa 64 sikunena kanthu. Mukanabwereza mawa lake mukanapeza mwina 60. Ndinawauza bwana mosabisa kuti nambala imeneyo tisaiwerengere. Koma kuchoka pa 12 kufika pa 21 n'kusuntha kwa mapointi 9, kopitirira zomwe mwayi wokha ungabweretse. Ndikuganiza kuti anakhulupirira nambala yachiwiriyi chifukwa choti ndinataya ndekha yoyamba ija.

Pali china chomwe ofunsa anu akakumane nacho, makamaka inu a zakumwa. Kwathu kuno dzina la katundu wotchuka limameza mtundu wonse. Munthu amati Sobo ngakhale akunena chakumwa chosungunula cha kampani ina, amati Colgate pa mankhwala aliwonse otsukira mano. Ena satchula dzina n'komwe, amangoti "wa pepala lobiriwira uja". Mmodzi mwa ophunzira anga anabwera madzulo atalemba "sakudziwa" pa mayi amene anafotokoza pepala lathu, mtundu wake ndi mtengo wake molondola. Kuyambira tsiku limenelo tinawonjezera malo olembapo mayankho otere, ndipo tinkanyamula zithunzi za mapaketi zoonetsa kumapeto kwenikweni. Ngati anthu akudziwa botolo lanu koma dzina ayi, wailesi ili ndi ntchito. Ngati akudziwa dzina koma botolo sakulizindikira pa shelefu, ndalama ipite ku zikwangwani ndi m'magolosale.

Za kusaka dzina pa Google

Mudzamva akatswiri akunja akunena kuti muyezo wotsika mtengo ndi kuona kuchuluka kwa anthu amene akulemba dzina lanu pa Google. Les Binet wa ku Britain anaikankha kwambiri mfundo imeneyi mu 2020, kuti gawo lanu la anthu osaka mayina a mumsika wanu limayenda limodzi ndi gawo lanu la malonda. Ndimaikhulupirira pa banki, inshulansi, sukulu, galimoto, zinthu zomwe munthu amafufuza asanalipire. Pa juwisi ndi sopo ku Malawi, ndikukana. Palibe mayi amene amatsegula bando yake kuti asake dzina la sopo. Mukalemba dzina lanu mu Google Trends n'kusankha Malawi, mwina mudzangoona mzere wogona pa 0, ndipo sizitanthauza kuti palibe akukudziwani. Chidacho chimaonetsa manambala oyerekeza a 0 mpaka 100, ndipo osaka akachepa chimangokhala chete.

Ngati muli ndi webusayiti, Google Search Console, chida choonetsa mawu amene anthu amasaka pa Google n'kuona webusayiti yanu, ndiye yothandizako, chifukwa imasunga mbiri ya miyezi 16, ndiye kuti ngati webusayitiyo munailembetsa kumeneko kampeni isanayambe, nambala ya poyambira ilimo kale. Lowani pa Performance, sefani Query posankha Custom (regex), ndipo muikemo dzina lanu ndi malembedwe ake olakwika omwe, chifukwa amene anamva dzina pa wailesi amalilemba momwe analimvera. Tiyerekeze dzina lanu ndi Chikondi:

```
chikondi|chikonde|cikondi|chikodi
```

Sabata ndi sabata yang'anani Impressions, yomwe ndi nambala ya maulendo amene webusayiti yanu yaonekera kwa osaka, osati Clicks, yomwe imawerenga maulendo amene aidina. Dzina ngati limeneli lilinso ndi vuto lake: ndi liwu wamba, choncho chotsani osaka nyimbo ndi mauthenga achikondi. Ndipo dzina likakwera mwadzidzidzi, fufuzani kaye chifukwa. Mphekesera yoti mukulemba anthu ntchito imakweza kusaka kuposa kampeni iliyonse.

Tsono phokoso la pamsika. Ichi n'chomwe ndikanakonda bwana wanu amve. Simutsatsa nokha. Ife tinapatsa ophunzira awiri makope ndi mawailesi, anamvera masiteshoni atatu kwa masabata awiri, kulemba kutsatsa kulikonse kwa sopo: kampani, nthawi, kutalika kwake. Tiyerekeze mwapeza kutsatsa 200 kwa makampani onse a zakumwa, kwanu kuli 30. Gawo lanu la phokoso ndi 15 pa 100. Koma musawerenge mitu yokha. Kutsatsa kwa pafupi ndi nkhani zamadzulo pa Zodiak kapena MBC sikufanana ndi kwa pakati pa usiku, choncho tengani mitengo ya siteshoni iliyonse, muchulukitse, muwerengere gawolo m'makwacha.

Gawo limeneli mulifananize ndi gawo lanu la malonda. Binet ndi Peter Field, pounika makampeni a ku Britain, anapeza kuti phokoso likaposa gawo la malonda ndi mapointi 10, gawo la malonda limakula ndi pafupifupi theka la pointi pachaka. Nambalayo ndi ya misika yawo, musaiike mu lipoti ngati lonjezo. Chomwe ndimatengapo ine ndi kuchedwa kwake: theka la pointi, pachaka. Amene akufuna kuona malonda atalumpha m'miyezi itatu akufunsa mbewu yomwe yangomera kuti chimanga chili kuti. Komanso gawo limakupulumutsani ku chinyengo cha kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yooneka yaikulu papepala kuposa ya chaka chatha ikanatha kugula mphindi zochepa pa wailesi. Ngati opikisana nanu anawirikiza kutsatsa m'miyezi yomwe inu munkatsatsa, mwina ndalama zanu zinangokuthandizani kuti musamire, ndipo bwana ayenera kudziwa zimenezo.

Kwa inu amene kampeni yatha kale, nambala ya poyambira simungaibweze. Chitani kafukufuku tsopano m'malo awiri: anthu 200 kumene kuli zikwangwani zanu, 200 m'tauni yofanana nayo kumene katundu wanu amagulitsidwa koma zikwangwani kulibe. Kusiyana kukhale kwakukulu, mapointi 8 kapena 10, musanakutche umboni, ndipo muwauze bwana kuti wailesi imamveka konsekonse, ndiye izi zikuyeza zikwangwani zokha. Onjezani tebulo la Search Console ndi masabata awiri owerenga phokoso. Mapepala a mafunso muwasunge mu fayilo momwe alili, chifukwa ndi omwewo amene mudzapite nawo kumisika yomweyo mwezi umodzi kampeni yotsatira isanayambe.