Mafunso obedwa a mayeso a pakompyuta

"Mnzanga wanditumizira mafunso enieni a mayeso a CompTIA Network+ pa WhatsApp kuno ku Mzuzu. Ndiwaloweze?"

Achimwene, afufuteni. Musanayambe mayesowo mumavomera pangano loletsa kugwiritsa ntchito mafunso otere, ndipo simugwidwira m'chipinda cha mayeso ayi. A CompTIA, eni ake a mayeso a za netiweki ya makompyutawa, amakugwirani pofufuza kayankhidwe. Funso lalitali lowerengera maadiresi a netiweki mwaliyankha m'masekondi ochepa, koma losavuta lomwe langowonjezedwa kumene mwalephera. Choipitsitsa, mafayilo amenewa amakhala ndi mayankho olakwika, ndiye mukalakwa ndendende ngati ena onse amene analoweza, umboni wakwana.

Zotsatira zimatha kufufutidwa ngakhale satifiketi mwailandira kale. Akhozanso kukulandani masatifiketi ena omwe munakhoza ndi thukuta lanu, n'kukuletsani kulembanso mayeso awo mpaka kalekale. Ndalama ya mayeso sabweza.