Mawu a m'buku la okonza zipinda zoziziritsira: musayambe ndi dikishonale

"Ndapatsidwa kabuku ka akatswiri okonza chipinda chosungiramo nsomba kuti ndikamasulire m'Chichewa. Mawu ngati evapoleta, refirijeranti ndi difurositi saiko andiimitsa mutu. Ndipeke achichewa kapena ndingowasiya?"

Achemwali, musapeke mawu atsopano pomwe okonzawo ali nawo kale awo. Ambiri ntchitoyi anaiphunzira m'Chingerezi, ndipo pogula zipangizo amati kompuresa, kondensa, fani, hita. Lembani momwemo. Chichewa chanu chigwire ntchito pofotokoza chimene chipangizocho chimachita, kamodzi kokha pomwe chatchulidwa koyamba.

Evapoleta musaimasulire kuti "chosandutsa nthunzi", palibe angaizindikire. Lembani kuti evapoleta, koyilo ya mkati mwa chipinda yomwe imayamwa kutentha. Mawu oti "ya mkati" musawasiye, chifukwa kondensa nayonso ndi koyilo, koma yakunja, yotaya kutenthako. Mukangolemba kuti "tsukani koyilo", wina akatsuka inayo.

Pomwe ndikuchonderera kwambiri ndi pa refirijeranti. Osalemba "mpweya" ayi. Okonza amati gasi, ndipo liwu la mpweya mulisungire mpweya womwe timapumawu. M'kabukumo muli malangizo oti asanathire gasi, apope mpweya ndi chinyontho kuchoka m'mapaipi ndi pampu ya vakyumu. Zonse ziwiri mukazitcha mpweya, chiganizo choti "chotsani mpweya" wina achimva ngati akuuzidwa kutsegula valuvu n'kutaya gasi panja, pomwe gasi amayenera kukokeredwa m'silinda yake. Ndipo paliponse pomwe palembedwa nambala ya gasi, ikopereni monga ilili pa chikwangwani cha makinawo. R134a, R404A ndi R290 si gasi mmodzi. R290 ndi R600a amayaka moto, ndiye chenjezo lake lisafupikitsidwe. R404A ndi wosakaniza magasi atatu, n'chifukwa chake amayenera kutuluka m'silinda ali wamadzimadzi. Apa lembani kuti "gasi ali wamadzimadzi", osati "madzi", kuopa kuti wina angaganize za madzi enieni.

Difurositi ndiye imafuna chiganizo chathunthu. Ine ndikanalemba kuti ndi nthawi yomwe makina amasungunula okha ayezi wa pa evapoleta. Mawu oti "okha" ndi "wa pa evapoleta" ndi ofunika, chifukwa chomwe chikusungunuka si nsomba, ndiponso si munthu amene wazimitsa magetsi. Ayeziyo amachokera ku chinyontho cholowa chitseko chikatsegulidwa. Akachuluka amatseka mipata ya koyilo, mphepo ya fani siidutsa, ndiye chipinda chimatentha kompuresa ikulira osapuma.

Kuti mumasulire bwino, onani dongosolo lake pa kontirola yofala ngati Dixell XR60CX, m'chipinda cha -18°C chokhala ndi mahita. Maola omwe aikidwa pa IdF akakwana, tinene 6, kompuresa ndi mafani zimaima, mahita n'kuyaka. Sensa ya pa koyilo ikafika pa kutentha kwa pa dtE, tinene 8°C, mahita amazima. Ikapanda kufika, amazimitsidwa ndi malire a nthawi a pa MdF, monga mphindi 30. Kenako pali kanthawi koti madzi adonthe kaye, ndipo kompuresa ikayambanso mafani amachedwa dala kuti asawazire madziwo ndi mpweya wofunda pa katundu.

Zilembo ngati IdF, dtE, MdF ndi dEF musazikhudze, ngakhale kusintha chilembo chaching'ono kukhala chachikulu, chifukwa wokonza azizifanizira ndi zomwe akuona pa sikirini. Koma pambali pa dEF, chizindikiro choti difurositi ili mkati, onjezani kuti mafani kuima pa nthawiyi si vuto. Mlonda wa usiku akaona mafani ali zii amathamangira kuzimitsa ndi kuyatsanso makina, ayezi n'kutsala wosasungunuka. Muonenso kuti kabukuko kakusiyanitsa bwino kutha chifukwa cha sensa ndi kutha chifukwa cha nthawi. Ngati difurositi iliyonse ikutenga mphindi zonse 30 ayezi n'kutsalabe, wokonza ayeze mahita ndi sensa. Ngati ayezi wadzaza m'thireyi ya pansi, ayang'ane paipi yotayira madzi ndi hita yake. Chenjezo loletsa kugoba ayezi ndi mpeni kapena sikuludiraiva mulilembe mosazungulira: ukaboola koyilo, gasi yense wapita.

Mukamaliza tsamba limodzi la difurositi, musapitirire kaye. Pitani nalo kwa wokonza mmodzi wamkulu ndi wophunzira wake, aliwerenge ataima pa makinawo, aziloza ndi chala chilichonse chomwe chatchulidwa. Pomwe aloze zosiyana, chiganizocho mukachilembenso.