Makina a R60,000: ndigule kapena ndisiye?

"Ndimasoka zovala ku Mayfair. Ndikufuna makina a R60,000 pa ngongole ya chiwongoladzanja cha 15 peresenti. Pa mitengo ya lero azindibweretsera R25,000 pa chaka kwa zaka zitatu. Mphwanga wawerengera, akuti phindulo ndi lofanana ndi R57,000 ya lero, choncho ndiluza. Kodi akulondola?" Telala wa ku Joni

Bambo, mphwanuyo sanalakwitse masamu, koma waphatikiza zinthu ziwiri zosayendera limodzi. Mu 15 peresenti ya wobwereketsa muli kale kukwera mitengo kwa zinthu, chifukwa iye amadziwa kuti randi yomwe mudzamubwezere idzakhala itachepa mphamvu. Pomwe R25,000 yanu mwaiwerengera ngati mitengo idzaima chilili. Mukaziphatikiza, makinawo mukuwalanga kawiri.

Tiyerekeze kuti mitengo izikwera ndi 5 peresenti pa chaka, inunso muzikweza mtengo wosokera chimodzimodzi. Ndalama zomwe mudzagwire m'manja zidzakhala R26,250, kenako R27,563, kenako R28,941. Izi ndiye zoyenera 15 peresenti ija. Kuti muzibweze pa ndalama ya lero, gawani yoyamba ndi 1.15, yachiwiri ndi 1.15 kawiri, yachitatu katatu. Mupeza R22,826, R20,841 ndi R19,029, zonse pamodzi pafupifupi R62,700. Makina adzilipira okha n'kutsalako R2,700.

Ngati mukufuna kusiya R25,000 momwe ilili, chotsani kukwera mitengo m'chiwongoladzanjacho:

```
1.15 / 1.05 - 1 = 9.52%
```

Mukagwiritsa 9.52 peresenti pa R25,000 ya chaka chilichonse, yankho ndi lomwelo, R62,700. Njira ziwirizi zikasiyana mayankho, dziwani kuti penapake mwasakaniza. Kusakaniza kwinako ndiye koopsa kwambiri: ndalama zokwezedwa zija mukazigawa ndi 9.52 peresenti mupeza pafupifupi R69,000, n'kukatenga ngongole mukumwetulira pa phindu lomwe kulibe.

Koma musathamangire kusitolo. Zonsezi zatsamira pa funso limodzi: kodi makasitomala anu adzavomera kuti muzikweza mtengo chaka ndi chaka? Matelala ndi ambiri kuno, ndipo kasitomala sachedwa kuwoloka msewu. Ngati mtengo wanu udzaima, R25,000 ija ndiyo ndalama yeniyeni yomwe mudzagwire, ndipo R57,000 ya mphwanu ndi yolondola. Mwinanso idzacheperapo, poti lendi ya shopu imakwera malinga ndi zomwe munasainira, magetsi nawo akhala akukwera kuposa zinthu zina zaka zapitazi.

N'chifukwa chake ine ndimakonda njira yoyamba ija, yolemba ndalama zomwe mudzagwiredi. Imakukakamizani kukweza chilichonse pachokha: lendi pa mlingo wake, magetsi pa wake, ulusi ndi nsalu pa wake, mtengo wosokera pa womwe msika ungalole. Tsegulani buku lanu muone kuti pa zaka zitatu zapitazi mtengo wosoka diresi munaukweza ndi zingati. Ngati sunafike 5 peresenti pa chaka, R2,700 ija ndi yochepa moti singakutetezeni, ndipo ndikanakhala ine ndikanayamba ndanenerera mtengo wa makinawo kapena kufuna ngongole yotsikirapo.