Chala choloza pansi sichikuuzani chimene chalakwika

"Achimwene, ndinapanga kathandizi ka pa WhatsApp koyankha alimi a kuno ku Thyolo. Mwezi wathawu kanayankha mafunso 2,000, ndipo anthu anadina chala choloza m'mwamba ka 140, choloza pansi ka 60. Abwana akufuna kuti 60 ameneyu atsike. Kodi ndisinthe chiyani mu pulomputi, malangizo olembedwa amene kathandizika kamatsatira?"

Achemwali, mawu akuti "atsike" ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe. Ndinawamvapo pamsonkhano wina ku Luchenza, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Ndinkathandiza gulu lina la alimi lomwe linali ndi kathandizi konga kanuko. Tsiku lina mkulu woyang'anira ntchitoyo anabwera ndi pepala losonyeza kuti mayankho a nkhani ya nthochi ndiwo akudinidwa pansi kwambiri, nati tiwakonze. Titatsegula zokambiranazo tinapeza kuti pafupifupi zonse zinali za chisaka. Aliyense wa ku Thyolo akudziwa mmene matendawa anathera nthochi kuno, dera lomwe kale magalimoto ankachoka atadzaza mikoko kupita ku Limbe. Mlimi ankalemba kuti masamba akutuluka aang'onoang'ono, othinana pamwamba, ndigule mankhwala anji? Kathandizi kankayankha zoona: chisaka chilibe mankhwala, chimafala ndi nsabwe za nthochi komanso ana otengedwa pa phata lodwala, choncho zulani phata lonse, muliwononge, mubzale mbewu yopanda matenda. Munthu amene wangouzidwa kuti azule nthochi zimene zimaphunzitsa ana ake sangadine chala chokondwa. Ine sindimuimba mlandu. Koma yankholo silinali lolakwa.

Mkulu uja anati tilifewetse, tizinena kuti "yesani kupopera kaye". Ndinakana, ndipo ndikanakananso lero. Zala zikanakwera ndithu, koma phata lodwala likanakhalabe m'munda n'kumapatsira la mnansi. Musaganize kuti vutoli ndi la ife ang'onoang'ono okha. Mu Epulo 2025 kampani ya OpenAI inabweza zosintha zimene inali itangoika mu GPT-4o, modelo yake, kapena kuti pulogalamu imene imalemba mayankho, chifukwa modeloyo inayamba kuyamikira ndi kuvomereza anthu mopitirira muyeso, ndipo eni akewo ananena kuti china mwa zoyambitsa chinali kugwiritsa ntchito zala za anthu ngati mphotho pophunzitsa modeloyo. Iwo ankasintha modelo, inu mukusintha pulomputi, koma dzenje ndi lomwelo. Mukamatsata zala osawerenga, mudzamanga chinthu chodziwa kusangalatsa anthu.

Ndiye ndinene mosapsatira: nambala ya zala isakhale cholinga cha ntchito. Taonani zanuzo. Mayankho amene anadinidwa ndi 200 okha pa 2,000, ena 1,800 palibe ananenapo kanthu. Amene amadina nthawi zambiri ndi amene wakwiya kapena wakondwa kwambiri. Komanso ife kuno chala choloza m'mwamba pa WhatsApp timachitumiza pofuna kunena kuti uthenga ndauona, ngakhale sitinauwerenge. Ndipo pa zala 200, gawo la zoloza pansi, lomwe ndi 30 pa 100, limatha kusuntha ndi 6 uku kapena uku mwamwayi chabe. Mwezi wamawa likafika 26 abwana adzakondwa, koma zimenezo sizidzatsimikizira kuti mwakonza kanthu. Nyengo nayo imasokoneza. Mafunso a mu Disembala ndi a feteleza ndi mbozi, a mu Ogasiti ndi a mtengo wa nandolo, ndipo pa mtengo wa nandolo anthu amadina pansi kaya yankho likhale labwino motani.

Chala choloza pansi chili ngati galu wouwa usiku. Akukuuzani kuti dzukani mukaone, koma ngati ndi wakuba kapena ndi mbuzi yamasuka, mudzadziwa mukatuluka panja.

M'mulu womwewo wa ku Luchenza munalinso mayankho ena odinidwa pansi amene analidi vuto la pulomputi, ndipo amenewa ndiwo ofunika kuwaphunzira. Anali a feteleza. Mlimi akafunsa kuti athire wochuluka bwanji, kathandizi kankatenga mlingo m'buku la ulangizi n'kuupereka monga ulili, makilogalamu pa hekitala. Koma mlimi wathu amayeza munda m'maekala, ndipo feteleza amagula pa thumba la makilogalamu 50. Tinene kuti buku likuti makilogalamu 200 pa hekitala. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47, choncho pa ekala ndi makilogalamu 81, ndipo mayi wa theka la ekala akufunika 40 okha, thumba limodzi losadzaza. Iye akuwerenga 200, akuona matumba anayi, n'kutaya mtima. Tinadziwa bwanji kuti vuto ndi limeneli? Uthenga wotsatira unkaulula. Ambiri akadina pansi ankalembanso kuti "nanga pa ekala?" kapena "matumba angati?" Uthenga wobwera pambuyo pa chala umanena zambiri kuposa chalacho, ndipo anthu ambiri sausunga n'komwe.

Tinawonjezera mizere iwiri yokha:

```
Ukamapereka mlingo wa feteleza, yamba wafunsa kukula kwa munda m'maekala.
Upereke mlingo wa munda umenewo m'makilogalamu ndi m'matumba a makilogalamu 50.
```

Sitinalembe kuti "uziyankha momveka bwino". Mawu otere sasintha kalikonse, chifukwa modelo siidziwa chimene sichinamveke. Lamulo labwino limatchula nthawi yake ndi chochita chake. Ngakhale zili choncho mzere woyambawo unabala vuto lake: kathandizi kanayamba kufunsa kukula kwa munda ngakhale kwa munthu amene wanena kale kuti ali ndi ekala imodzi. Izi zinagwidwa tisanatulutse, chifukwa tinayesa pulomputi yatsopano pa mafunso akale amene anadinidwa m'mwamba, ndipo tinaikapo mawu akuti "ngati sananene kale". Ntchito yeniyeni ya zala zokwera ndi imeneyo, kulondera kuti zimene zinali bwino zisawonongeke.

Zoti muchite sabata ino

Chala chilichonse chisungidwe pamodzi ndi zokambirana zake, osati pachokha:

```json
{"message_id": "...", "prompt_version": "v7", "question": "...",
 "answer": "...", "rating": "down", "reason": "...", "next_message": "..."}
```

Popanda `prompt_version` simudzadziwa kuti dandaulo ndi la pulomputi iti. Nambala za foni ndi mayina muzichotse musanapatse wina kuti awerenge. Munthu akadina pansi, mufunseni chifukwa ndi mabatani. WhatsApp imalola mabatani oyankhira atatu pa uthenga umodzi, ndipo akukwana: "Sizoona", "Sindinamve", "Si zomwe ndafunsa".

Kenako werengani onse 60, makamaka limodzi ndi mlangizi wa zaulimi, n'kuwagawa: oona koma owawa, osowa mfundo m'mabuku amene munapatsa kathandizi, ndi olakwika m'kayankhidwe. Gulu lomalizali lokha ndilo la pulomputi. Lachiwiri limafuna kukonza mabuku, ndipo pa loyamba mungawonjezere chifundo ndi chochita chotsatira, koma mfundo isasinthe. Tengani vuto limodzi lobwerezabwereza, sinthani mzere umodzi, yesani pulomputi yakale ndi yatsopano pa mafunso amene analephera ndi ena 30 amene mlangizi watsimikiza kuti anali olondola. Muwerengekonso ena 50 mwa 1,800 aja, chifukwa yankho labodza lonenedwa molimba mtima kawirikawiri silidinidwa pansi.

Kwa abwana musapite ndi nambala yokha. Pitani ndi magulu atatuwo, ndi zitsanzo ziwiri za gulu lililonse, muwasonyeze kuti mwa 60 aja ndi angati amene pulomputi ingawakonze.